Pamene 0.1 ndi 0.2 zikana kupanga 0.3

Mwana wa kupulayimale akafunsidwa kuphatikiza 0.1 ndi 0.2 sachedwa kuyankha kuti ndi 0.3, ndipo mphunzitsi amam'chonga. Funso lomweli likaperekedwa kwa kompyuta kudzera m'chilankhulo cha Python, chimene ophunzira ambiri amayambira polemba mapulogalamu, yankho limabwera motere:

```python
>>> 0.1 + 0.2
0.30000000000000004
>>> 0.1 + 0.2 == 0.3
False
```

Mzere wachiwiriwo ukufunsa ngati mbali ziwirizo n'zofanana, ndipo kompyuta yakana. Aliyense amene ali ndi laputopu angathe kuyesa yekha. Akasiya Python n'kuyesa JavaScript, Java kapena C, kufananitsako kumakanikabe. Makina atsopano ndi akale, otchipa ndi odula, onse amagwirizana pa kachidutswa komweko kotsalira kumapeto. Kugwirizana kotereku kukusonyeza kuti palibe chimene chawonongeka. Makinawo akutsatira lamulo limodzi, lotchedwa IEEE 754, limene linakhazikitsidwa mu 1985. Mmodzi mwa amisiri ake akuluakulu anali William Kahan wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, amene mu 1989 analandira mphoto ya Turing chifukwa cha ntchito yake pa kawerengedwe ka nambala m'makompyuta. Kahan ndi anzake ankadziwa bwino kuti 0.1 ndi 0.2 zidzachita zimenezi, ndipo sakanachitira mwina.

Gwero la vutoli aliyense anakumana nalo kale kusukulu. Anthu atatu akagawana K1,000, aliyense amatenga K333.33, koma ndalama zitatuzo zikabwezedwa pamodzi zimakwana K999.99. Tambala imodzi yasowa popanda wakuba. Gawo limodzi mwa magawo atatu likamalembedwa ndi kadontho limakhala 0.3333 mpaka kalekale, ndipo wolemba amayenera kulekezera penapake chifukwa pepala limatha. Pamene walekezerapo m'pamene pamatayika kanthu.

Kompyuta nayo pepala limaithera, koma nambala zimene zimaivuta si zomwe zimavuta anthu. Anthu amawerenga m'makumi, choncho malo oyamba pambuyo pa kadontho ndi gawo limodzi mwa magawo 10, achiwiri ndi limodzi mwa 100, kumangopita choncho. Kompyuta imadziwa 0 ndi 1 basi, ndiye malo ake amatsika mogawa pawiri: theka, kota, 1/8, 1/16, 1/32. Nambala iliyonse ya kadontho iyenera kumangidwa ndi zidutswa zimenezi. Kwa 0.75 ntchito ndi yosavuta, theka ndi kota, yatha. Nayonso 0.5 ndi 0.125 zimalowa bwinobwino.

Tsono 0.1 imangidwa bwanji? Theka lakula, kota yakula, 1/8 yakulanso. Chidutswa choyamba chokwana ndi 1/16, chomwe ndi 0.0625, ndipo pamatsala 0.0375. Kenako 1/32, yomwe ndi 0.03125, imalowa, n'kutsala 0.00625. Apa ndiye pali nkhani yonse, chifukwa 0.00625 ndi 0.1 yomwe ija itagawidwa ndi 16. Pambuyo pa ntchito yonseyo, funso labwerera mmene linalili, langochepa msinkhu. Kupitiriza kumabweretsa zomwezo: zidutswa ziwiri zimakana, ziwiri zimalowa, n'kutsalanso 0.1 ina yocheperapo. M'kalembedwe ka kompyuta 0.1 imaoneka ngati 0.0001100110011, ndipo 0011 ameneyo amabwerezeka osatha. Chifukwa chake n'chakuti 10 ndi 2 kuchulukitsa ndi 5, ndipo 5 ameneyo sangapangidwe ndi kugawa pawiri, ngakhale munthu atagawa kangati.

Mtundu wa nambala umene mapulogalamu ambiri amasungiramo nambala za kadontho umatchedwa `double` mu C ndi Java. Python amautcha `float`, ndipo mu JavaScript nambala wamba iliyonse ndi yamtundu umenewu. Malo ake ndi mabiti 64, ndiye kuti timalo 64 tokhalamo 0 kapena 1. Biti imodzi imanena ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro. Mabiti 11 amanena pamene kadontho kali, zomwe zimalola kuti nambala yaikulu kwambiri ndi yaing'onong'ono zikwane m'malo ofanana. Otsala 52 amasunga nambala yeniyeniyo, ndipo pali biti inanso imodzi yaulere, popeza yoyambirira imakhala 1 ndipo sifunika kulembedwa. Mabiti 53 amenewo amakwana madijiti 15 mpaka 17 a kawerengedwe ka anthu. Chilichonse chopitirira apo sichikhala ndi pogona.

Zotsatira zake n'zakuti nambala zimene `double` angasunge zili ngati mapando pamzere wa m'munda. Mbewu imagwera m'phando ili kapena linalo, pakati sipabzalidwa. Nambala imene yagwa pakati imakankhidwira kuphando loyandikira kwambiri, ndipo kuyambira pamenepo kompyuta imadziwa phandolo, nambala yoyamba ija yaiwalika. Kukankha kumeneku kumachitika munthu akangolemba 0.1, kuphatikiza kusanayambe n'komwe. Python amabisa zimenezi posonyeza nambala yaifupi kwambiri imene ingalozere phandolo mosasokoneza, koma akauzidwa kuti aonetse madijiti 20 amaulula:

```python
>>> format(0.1, '.20f')
'0.10000000000000000555'
>>> format(0.2, '.20f')
'0.20000000000000001110'
>>> format(0.3, '.20f')
'0.29999999999999998890'
```

Mizere itatuyi ndi yoyenera kuiyang'anitsitsa. Phando la 0.1 lili pamwamba pang'ono pa 0.1 yeniyeni. La 0.2 nalo lapitirira, ndipo kupitirira kwake ndi kowirikiza kawiri. Koma la 0.3 laperewera, lili m'munsi. Choncho mbali imodzi ya funso lija yayamba ndi nambala ziwiri zonenepa pang'ono, pamene mbali inayo ili ndi nambala yowonda pang'ono.

Ziwiri zoyambazo zikaphatikizidwa mosataya kanthu zimapereka pafupifupi 0.30000000000000001665. Nambala imeneyi ilibe phando lake. Chapafupi pali mapando awiri okha, la m'munsi 0.29999999999999998890, lomwe ndi lija la 0.3, ndi la pamwamba 0.30000000000000004441. Chochititsa chidwi n'chakuti yankholo lagwa pakati penipeni, mtunda wopita uku ndi wopita uko ndi wofanana ndendende. Zikatero lamulo la IEEE 754 limati pasankhidwe phando limene biti yake yomaliza ndi 0. Lamuloli analiika dala kuti makina asamakonde mbali imodzi nthawi zonse, chifukwa kukankhira m'mwamba mokhamokha kukanachititsa kuti zolakwika ziziunjikana. Ulendo uno phando lothera ndi 0 ndi la pamwamba lija. Yankho limapita kumeneko, 0.3 ikukhala m'phando loyandikana nalo, ndipo chizindikiro cha `==` chimanena zoona pamene chikuti n'zosiyana. Kusiyana kwake ndi 0.000000000000000055, komwe palibe sikelo kapena tepi padziko lapansi ingakuone. Koma `==` safunsa ngati nambala zayandikana. Amafunsa ngati zili m'phando limodzi.

Chimene chimasokoneza olemba mapulogalamu n'chakuti vutoli silioneka nthawi zonse. Kufunsa ngati `0.1 + 0.4 == 0.5` kumapereka `True`, chifukwa zolakwika zing'onozing'onozo zimamezedwa pokankhira kuphando. Koma `0.1 + 0.7` imapereka `0.7999999999999999`. Wolemba angayese pulogalamu yake ndi nambala zingapo, zonse n'kuyenda bwino, kenako n'kuipereka kwa eni ntchito, vuto n'kudzatulukira patapita miyezi pa nambala imene palibe anaiganizira. Ngakhale dongosolo la kaphatikizidwe limasintha yankho. Kusukulu amaphunzitsa kuti pophatikiza nambala zitatu zilibe kanthu kuti wayambira kuti, koma `(0.1 + 0.2) + 0.3` imapereka `0.6000000000000001` pamene `0.1 + (0.2 + 0.3)` imapereka `0.6`. Anthu awiri mu ofesi imodzi, wina atayamba kuphatikiza mndandanda kuchokera pamwamba, wina kuchokera pansi, angapeze matotala amene pa sikirini akuoneka ofanana koma makina n'kukana kuwagwirizanitsa.

Msampha wodziwika kwambiri ndi pulogalamu imene imauzidwa kubwereza ntchito mpaka nambala ina itakwana:

```python
x = 0.0
while x != 1.0:
    x += 0.1
```

Wolembayo akuyembekezera kuti pakatha maulendo 10 pulogalamu iima. Paulendo wa 8 `x` amakhala `0.7999999999999999`, pa wa 10 amafika `0.9999999999999999`, ndipo wotsatirawo amalumphira ku `1.0999999999999999`. Phando la 1.0 aliphonya, ndipo sadzabwereranso. Pulogalamu imangozungulira mpaka munthu ataizimitsa. Mankhwala ake ndi osavuta: kuwerenga maulendowo ndi nambala zathunthu, 1 mpaka 10, zomwe kompyuta imasunga mosalakwitsa, ndipo nambala ya kadontho izipezedwa mwatsopano paulendo uliwonse pogawa ndi 10. Potero cholakwika cha ulendo uno sichinyamulidwa kupita ku ulendo wotsatira.

Kunyamulidwa kwa zolakwika kotereku kunaphetsapo anthu. Pa 25 February 1991, m'kati mwa nkhondo ya ku Gulf, mzinga wa Scud wochokera ku Iraq unagwera nyumba yogona asilikali a dziko la America ku Dhahran, m'dziko la Saudi Arabia, n'kupha asilikali 28. Pamalopo panali zida za Patriot, zimene ntchito yake inali kuona mizinga yotere ili m'mlengalenga n'kuiphulitsa isanafike. Tsiku limenelo sizinawombere n'komwe.

Wotchi ya m'kompyuta ya Patriot inkawerenga nthawi m'magawo a 0.1 a sekondi. Pofuna kupeza masekondi, chiwerengerocho chinkachulukitsidwa ndi 0.1, ndipo 0.1 ameneyo ankasungidwa m'malo a mabiti 24 okha. Sanali `double` wa masiku ano, koma nthenda ndi yomweyo, 0011 wosatha uja anadulidwa. Chodulidwacho chinali pafupifupi 0.000000095 ya sekondi pa kugunda kulikonse kwa wotchi. Zidazi zinapangidwa kuti zizisamutsidwa pafupipafupi ndi kugwira ntchito maola ochepa, ndipo zikanagwiritsidwa ntchito motero kachidutswako sikakanaoneka. Koma za ku Dhahran zinali zitayaka kwa maola pafupifupi 100 osazimitsidwa. M'maola 100 wotchi yotere imagunda ka 3,600,000, ndipo kuchulukitsa ndi kachidutswa kaja kumapereka 0.34 ya sekondi. Scud imathamanga mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka pa sekondi, choncho m'kanthawi kameneko imakhala itasuntha kupitirira theka la kilomita. Makina atauona mzingawo koyamba anawerengera pamene uyenera kuonekeranso, anayang'ana pamalo olakwika, sanapeze kanthu, n'kuganiza kuti panalibe mzinga. Vutoli linali litadziwika kale ndipo pulogalamu yokonzedwa inali m'njira. Inafika ku Dhahran tsiku lotsatira.

Nanga wolemba mapulogalamu afananitse bwanji nambala ziwiri? Langizo limene aliyense amayamba kumva n'lakuti asafunse ngati zili zofanana, afunse ngati kusiyana kwake n'kochepa kuposa malire ena, monga `abs(a - b) < 1e-9`, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo biliyoni. Pa 0.3 njirayi imagwira bwino ntchito. Tsoka lake n'lakuti ambiri amaikopera paliponse osafunsa kuti malirewo achokera kuti, ndipo apa m'pamene pamafunika kudziwa chinthu chachiwiri chokhudza mapando aja.

Mapandowo sanatalikirane mofanana. Popeza madijiti ndi omwe aja 15 mpaka 17, nambala ikakula madijiti ambiri amathera kutsogolo kwa kadontho ndipo kumbuyo kumatsala ochepa. Nambala ikawirikiza kawiri, mpata wa pakati pa mapando nawo umawirikiza kawiri. Pamwamba pang'ono pa 1 mpatawo ndi pafupifupi 0.00000000000000022. Pofika pa biliyoni imodzi wakula kufika pafupifupi 0.00000012. Pamenepo malire aja a `1e-9` ndi ang'ono kuposa mpata wa mapando awiri oyandikana, ndiye kuti nambala ziwiri zingadutse mayesowo pokhapokha zili m'phando limodzi. Wolembayo wabwerera ku `==` osadziwa. Kupitirira apo zinthu zimafika poti ngakhale 1 wathunthu amasowa:

```python
>>> 9007199254740992.0 + 1
9007199254740992.0
```

Nambala imeneyi ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 53, ndipo kuyambira pamenepo mapando amadumpha awiriawiri. Kumbali ya nambala zing'onozing'ono vuto limatembenuka. Katswiri amene akuyeza zinthu za msinkhu wa 0.000000000001 angapeze kuti malire omwe aja akuvomereza nambala ina ndi inzake yoiposa ka 100 kuti n'zofanana, chifukwa zonse ziwiri zili pansi pa malirewo.

N'chifukwa chake njira yabwinopo imayerekeza kusiyanako ndi kukula kwa nambala zomwezo. Kusiyana kwa 1 pakati pa 5 ndi 6 n'kwakukulu, koma pakati pa nambala za mabiliyoni sikuoneka. Kuyambira mu 2015 Python ali ndi chida chokonzeratu chochita zimenezi, `math.isclose`, chimene chikapanda kuuzidwa zina chimavomereza nambala ziwiri ngati kusiyana kwake sikupitirira gawo limodzi mwa biliyoni la yaikuluyo. Komatu nachonso chili ndi pofooka pake, pa ziro:

```python
>>> import math
>>> math.isclose(0.1 + 0.2, 0.3)
True
>>> math.isclose(0.1 + 0.2 - 0.3, 0.0)
False
>>> math.isclose(0.1 + 0.2 - 0.3, 0.0, abs_tol=1e-12)
True
```

Funso lachiwirilo lakanidwa chifukwa kachidutswa kotsala kaja kakuyerekezedwa ndi kukula kwake komwe, ndipo palibe nambala imene ingachepere gawo limodzi mwa biliyoni la iyo yomwe. Pofananitsa ndi ziro pamafunika malire okhazikika, amene `abs_tol` amapereka. Olemba chidachi anasiya malirewo pa ziro mwadala, ndipo anachita bwino, chifukwa sangadziwe ngati wochigwiritsa ntchito akuyeza kutalika kwa msewu kapena kulemera kwa mankhwala. Malire oyenera amachokera ku ntchitoyo. Wopima malo amene chida chake chimalondola mpaka milimita imodzi alibe chifukwa choti pulogalamu yake izikangana pa dijiti ya 12, ndipo akasankha malire a theka la milimita angathe kufotokozera aliyense chifukwa chake.

Malire amabweretsanso kavuto kena kamene ambiri sakaganizira. Ngati `a` wayandikira `b`, ndipo `b` wayandikira `c`, sizitanthauza kuti `a` wayandikira `c`. Pulogalamu imene ikuchotsa nambala zobwerezeka pamndandanda pogwiritsa ntchito kuyandikana ingapereke mayankho osiyana malinga ndi nambala imene yayambira. Palinso nambala imodzi yachilendo, `NaN`, imene imatuluka masamu akakhala opanda tanthauzo. Lamulo la IEEE 754 limati imeneyi sifanana ndi chilichonse, ngakhale iyo yomwe, choncho poifufuza pamafunika `math.isnan`.

Pa nkhani ya ndalama yankho ndi lina, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mapulogalamu ambiri amalinyalanyaza. Ndalama sizifuna kuyandikira. Wowerengera ndalama za kampani kapena za gulu la banki m'khonde amafuna kuti mabuku agwirizane mpaka tambala yomaliza, ngakhale tambalayo masiku ano sigula kanthu pamsika. Chitsanzo ndi pulogalamu imene yasunga K4.35 ngati `float` ndipo ikufuna kuisandutsa matambala:

```python
>>> 4.35 * 100
434.99999999999994
>>> int(4.35 * 100)
434
```

Lamulo la `int` limadula zonse za kumbuyo kwa kadontho osayang'ana kuti zinatsala pang'ono bwanji kukwana. Cholakwika chimene chinali pa dijiti ya 17 chasanduka tambala yathunthu. Zikachitika pa mizere masauzande ya malipiro kapena ya chiwongoladzanja, wowerengera ndalama amatha sabata akusakasaka kusiyana kumene sikuli pa risiti iliyonse. Kulemba `round(4.35 * 100)` kumapereka 435, koma kumeneko n'kumata ming'alu. Njira yokhalitsa ndi kusunga ndalama zonse m'matambala ngati nambala zathunthu kuyambira pachiyambi, 435 m'malo mwa 4.35, n'kuika kadontho pokhapokha posindikiza. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito mtundu wa nambala umene umawerenga m'makumi ngati anthu, monga `Decimal` mu Python, `BigDecimal` mu Java, kapena `DECIMAL` m'nkhokwe za SQL. Pamenepo `Decimal('0.1') + Decimal('0.2') == Decimal('0.3')` imapereka `True`. Timikodo tozungulira nambalazo n'tofunika kwambiri. Wolemba `Decimal(0.1)` popanda timikodoto amakhala atalola kuti 0.1 iyambe yagwera m'phando lake la `float`, ndipo `Decimal` amangokopera mokhulupirika cholakwika chonsecho. Mtundu umenewu sumathetsanso nkhani ya K1,000 yogawidwa patatu. Tambala yotsala ija imafunabe lamulo la anthu lonena kuti ipita kwa ndani.

Zonsezi sizikutanthauza kuti `==` ndi woletsedwa pa `double`. Nambala zathunthu zosapitirira 9007199254740992 zimasungidwa ndendende, ndipo kuziphatikiza kapena kuzichulukitsa sikutaya kanthu malinga yankho lisadutse malire amenewo. Matheka ndi makota nawo ali ndi mapando awoawo. Nambala imene yangokopedwa kuchoka pamalo ena kupita pena popanda masamu imafananabe ndi mwini wake. Chikaiko chimayamba pamene mbali ziwirizo zafika pa yankho kudzera m'njira zosiyana, ina yolembedwa ndi dzanja, ina yotuluka m'kuphatikiza kapena kugawa.

Pulogalamu ikayamba kukana nambala ziwiri zimene pa sikirini zikuoneka zofanana, kapena lipoti likaonetsa `-0.00` pamene payenera kukhala ziro, kapena `5.551115123125783e-17` pamalo a ndalama zotsala, kufufuza kumayambira posindikiza nambala zonse ziwiri ndi madijiti 17, monga `format(a, '.17g')`. Madijiti 17 ndi okwanira kusiyanitsa `double` aliyense ndi mnzake woyandikana naye. Ngati kusiyana kwaoneka pa dijiti ya 16 kapena 17 yokha, ndi kukankhira kuphando kwa masiku onse, ndipo chofunika kukonza ndi kafananitsidwe. Ngati kwayambira pa dijiti ya 6 kapena 8, malire asakulitsidwe msanga kuti mayeso adutse. Kusiyana kwa msinkhu umenewo kumaloza kwina: mwina nambala inadutsa mu `float` wa mabiti 32, amene amasunga madijiti pafupifupi 7 okha, mwina pali pamene nambala ziwiri zazikulu zoyandikana zinachotseredwa n'kusiya zotsalira zokhazokha, kapena pali kuphatikiza kobwerezeka mamiliyoni kumene kwakhala kukuunjika zolakwika. Chilichonse mwa zitatuzi chimakonzedwa pa mzere umene chinayambira, ndipo mzerewo umapezeka posindikiza madijiti 17 pa sitepe iliyonse, kubwerera m'mbuyo mpaka pamene nambala ziwirizo zinayamba kupatukana.